Kulonjera Munthu Wosaona Kapena Wosamva, Moni N'kumufikadi

Tikamapereka moni timachita zinthu zitatu nthawi imodzi, ngakhale sitiziwerenga. Timadziwitsa mnzathu kuti pafika munthu, timamuuza kuti wafikayo ndani, komanso timamutsimikizira kuti mawu akutulukawo ndi ake osati a wina. Anthu awiri oona ndi kumva amamaliza zonsezi maso akangokumana, pakamwa pasanatuluke kanthu. Koma kwa munthu wosaona, kumwetulira kwanu, kugwedeza mutu ndi dzanja limene mwatambasula sizifika. Kwa munthu wosamva, "Muli bwanji?" wolankhulira kumbuyo amangothera m'malere. Ndiye ntchito yanu ndi kudutsitsa zinthu zitatu zija panjira imene ili yotsegula: mawu kwa wosaona, maso kwa wosamva, ndi kukhudza kwaulemu kwa onse awiri. Thandizo limabwera pambuyo pa zimenezi, ndipo limabwera ngati funso limene munthu ali ndi ufulu wolikana.

Tiyambe ndi wosaona, chifukwa apa ndi pomwe anthu amtima wabwino amafulumira ndi manja.

Mawu atsogole, dzanja litsatire

Mukatsala mapazi awiri kapena atatu kuti mumufike, lankhulani. Musadikire mpaka mutaima pakhutu pake, ndipo musayambe ndi kumugwira. Munthu amene wagwidwa paphewa mosayembekezera sadziwa ngati ndi mnzake, wakuba kapena wina amene wangomugunda podutsa. Thupi lake lonse limadzidzimuka, ndipo ngati anali kuwerenga njira m'mutu, kuwerengako kumasokonekera pomwepo.

Chachiwiri, tchulani dzina lake kenako lanu. "Mayi uje, muli bwanji? Ndine uje, tinakhala moyandikana pamsonkhano uja." Dzina lake limamuuza kuti moniwo ndi wake. Pamalo pa anthu ambiri, wosaona amamva moni wambirimbiri ukudutsana, ndipo ambiri anayankhapo moni wa eni ake n'kumva anthu akuseka, choncho ena amasankha kungokhala chete mpaka atatsimikiza. Kukhala chete kumeneko si mwano. Ngati dzina lake simulidziwa, muuzeni pomwe mwaima: "Zikomo bambo amene muli ndi ndodo yoyera, ndili kudzanja lanu lamanja." Ngati phokoso lachuluka, mungamukhudze pang'ono pamkono ndi kunja kwa dzanja, koma mutayamba mwalankhula.

Dzina lanu litchuleni ngakhale mumadziwana. Anthu amakhulupirira kuti wosaona amazindikira mawu a wina aliyense, koma si choncho. Mawu a munthu amasintha ndi chimfine, ndi phokoso, ndi malo. Amene amakudziwani ku ofesi sayembekeza kukumana nanu pamalo okwerera basi, ndiye mawu anu amamveka achilendo. Ndipo chonde, masewera aja oti "Tandiuzeni, ndine ndani?" asiyeni. Inu mumaona ngati nthabwala yachikondi, koma mwamuika pamayeso pagulu, ndipo akalephera manyazi amagwira iyeyo.

Mawu anu akhale a masiku onse. Vuto lili m'maso, makutu ali bwino, ndiye kukuwa kapena kulankhula mokoka ngati mukulankhula ndi kamwana kumangomuchotsera ulemu. Muyang'aneni nkhope polankhula, chifukwa amamva komwe mawu akulowera ndipo amadziwa mukatembenukira kwina. Ngati ali ndi womuperekeza, funso lipite kwa mwini wake. "Mukufuna kukhala pati, mayi?" osati "Kodi awa akhala pati?" Musavutikenso kuzemba mawu ngati "tionana" kapena "mwaona nkhani ija?" Osaona nawonso amalankhula choncho.

Pa zogwirana chanza, ambiri amatambasula okha dzanja akamva moni. Likatambasulidwa, lipezeni ndinu, musalisiye m'malere. Ngati ndinu mwayamba, nenani: "Ndikupatseni dzanja." Mukamaliza, muuzeni ena amene alipo, kuyambira mbali imodzi kupita ina, ndipo aliyense alankhuleko kuti mawu ake amveke komwe akhala. Ichi anthu amachiiwala kawirikawiri. Munthu angayambe kukamba nkhani yake yam'nyumba poganiza kuti muli awiri, chikhalirecho pali wachitatu amene wangokhala duu pakona.

Funsani, ndipo dikirani yankho

Tsopano mungafunse kuti, "Kodi pali pomwe ndingathandize?" Mukafunsa khalani chete amalize kuyankha. Munthu wa ndodo yoyera amene waima m'mbali mwa msewu sikuti wasochera. Nthawi zambiri amakhala akumvetsera mmene magalimoto akuyendera kuti adziwe mpata woolokera, kapena akudikira mnzake. Mukamukoka n'kumuolotsa asanapemphe, mungamusiye tsidya limene sanalifune, pamalo pomwe zizindikiro zake zonse zatayika: mpanda umene amautsata, ngalande imene ndodo imaidziwa, mbali imene dzuwa limamuwomba.

Akati "Ayi zikomo, ndili bwino," yankhani kuti "Chabwino, muyende bwino," ndipo mupitedi. Musamutsate mwakachetechete kumbuyo. Amamva mapazi anu ndipo zimachititsa mantha. Musakhumudwenso, pakuti mwina lero lokha ndinu wachisanu kumufunsa panjira imene amayenda tsiku ndi tsiku.

Akavomera, pali funso lachiwiri limene limaposa loyamba: "Ndithandize bwanji?" Kusaona kuli mitundumitundu, ndipo ambiri mwa amene timawatcha osaona amaonako pang'ono. Wa ng'ala amaona mwachimbuuzi. Wina amaona kachigawo kakang'ono ka pakati pokha, moti angawerenge uthenga pafoni koma n'kugunda mpando umene uli pambali pake. Wina pakati pamada koma m'mbali amaonako, wina masana amayenda yekha koma kukada amafuna dzanja. Choncho wina adzakupemphani mkono, wina adzati mungoyenda patsogolo azikutsatani, wina akungofuna mumuuze ngati basi yaimayo ndi imene akuidikira. Mwini wake ndiye amadziwa.

Ndodo yake musaigwire, musaikoke pomulozera njira, ndipo akakhala pansi musaisunthe osamuuza. Ngati akuyenda ndi galu womutsogolera, galuyo ali pantchito. Musamuitane, musamusisite, musamuimbire likhweru, ndipo inu muyende mbali ina, osati imene kuli galuyo.

Kuyenda naye kuchokera pakhomo mpaka pampando

Tiyerekeze kuti mukulandira anthu pamsonkhano. Bambo wina wa ndodo yoyera watsika galimoto ndipo waima panja. Pakati pa iye ndi mpando wake pali bwalo, masitepe okwera, chitseko chopapatiza ndi mizere ya mipando. Mwamulonjera, mwadzitchula, mwafunsa, ndipo wayankha kuti, "Ndithandizeni kukafika mkati."

Mufunseni mbali imene akufuna kuti muime. Ambiri amagwira ndodo kudzanja lamanja, ndiye amagwira womutsogolera ndi lamanzere, kutanthauza kuti inu mumawapatsa mkono wanu wamanja. Imani pambali pake moyang'ana komwe mukupita, nenani kuti "Nawu mkono wanga," ndipo khudzitsani kunja kwa dzanja lanu kunja kwa dzanja lake. Iye adzatsetsereka ndi mkono wanu mpaka kugwira pamwamba pang'ono pa chigongono, zala zinayi mkati, chala chachikulu kunja. Ena amakonda kugwira paphewa, makamaka ngati ndi aatali kuposa inu, ndipo mwana amagwira padzanja. Lamulo ndi limodzi: iye ndiye amagwira inu, osati inu kugwira iye.

Chifukwa chake n'chomveka. Akagwira chigongono chanu amakhala kumbuyo kwanu ndi theka la phazi, ndiye chilichonse chimene thupi lanu lachita amachimva asanafikepo. Mukakhota, mkono umakhota. Mukatsika, mkono umatsika. Koma mukamugwira inu n'kumamukankhira patsogolo, iye ndiye amayamba kufika padzenje, ndipo alibenso mphamvu yokusiyani akafuna. Mkono wanu ungoulekerera m'mbali mwa thupi, osauumitsa kapena kuutukula. Yendani pa liwiro la masiku onse ndipo mufunseni kamodzi ngati liwirolo lili bwino. Kumbukirani kuti tsopano ndinu otambalala ngati anthu awiri, ndipo yang'anani m'mwamba momwe. Ndodo imapeza za pansi zokha. Nthambi yolendewera, zenera lotsegukira kunja ndi chikwangwani chotsika siziiona, ndipo zimenezi ndi zomwe zimavulaza kumaso.

Poyenda, mawu anu akhale olunjika. "Uko", "apo" ndi "samalani" sizimuuza kanthu. "Samalani" amangomuopsa osamuuza kuti aime, awerame kapena adumphe. Nenani kuti, "Kutsogoloku kuli ngalande yaing'ono, tiidumpha ndi phazi limodzi," kapena "Pansi payamba miyala." Pakakhala ngozi yeniyeni, mawu ndi amodzi: "Imani!" Kufotokoza kubwere ataima kale. Mukamati kumanja kapena kumanzere, kukhale kumanja kwa iyeyo. Izi zimasokoneza mukayang'anizana, chifukwa kumanja kwanu kumakhala kumanzere kwake.

Mwafika pamasitepe. Afikeni molunjika, osati mopingasa, kuti mapazi ake onse awiri apeze mphepete nthawi imodzi. Imani kaye ndipo nenani zinthu ziwiri: kuti ndi masitepe, komanso ngati ndi okwera kapena otsika. Kungoti "masitepe" n'koopsa, chifukwa munthu amene wanyamula phazi kuti akwere pomwe pali potsika amagwa chafufumimba. Ngati pali chogwirira m'mbali, muuzeni mbali imene chili ndipo musinthane malo ngati akuchifuna. Mupatseni mpata apeze sitepe yoyamba ndi ndodo kapena phazi. Kenako yambani inu, iye akhale sitepe imodzi kumbuyo kwanu, ndipo muyende mosadukiza. Mukafika pamwamba, pitani patsogolo phazi limodzi kuti naye apeze poponda, imani pang'ono, nenani kuti "Atha." Kuwerenga masitepe mokweza sindikulimbikitsa pokhapokha atapempha. Woona amaphonya kawirikawiri, ndipo mukati asanu pomwe alipo asanu ndi imodzi, wakhulupirira inuyo ndiye amapunthwa.

Pachitseko chopapatiza, nenani kuti "Pano m'popapatiza," ndipo pititsani mkono umene wagwirawo kumbuyo, cha pakati pa msana wanu. Wozolowera amadziwa chizindikiro chimenechi: amawongola mkono wake n'kulowa kumbuyo kwanu kuti muyende mondondozana osakupondani chidendene. Mukadutsa, bwezerani mkono m'mbali. Ngati chitseko n'chotseka, muuzeni ngati chimatsegukira kwa inu kapena kutsogolo, ndi mbali imene chikupita, kuti achigwire ndi dzanja linalo chisamumenye pobwerera. Chitseko chotsegula theka ndi mdani wamkulu wa wosaona, chifukwa ndodo ingadutse mbali iyi ndi iyo, mphumi n'kukumana ndi mphepete. Chitsekeni kapena chitseguleni chonse.

Pampando musamutembenuze ndi mapewa n'kumukankhira pansi. Ikani dzanja la mkono umene wagwira pachotsamira cha mpando ndi kunena kuti, "Dzanja langa lili pachotsamira, mpando wayang'ana kutsogolo kwathu, uli ndi moika mikono, ndipo pali tebulo patsogolo." Iye adzatsetsereka ndi mkono wanu mpaka pachotsamiracho, adzapapasa pokhalira, n'kukhala yekha. Ngati ndi benchi yopanda chotsamira kapena mpando wamateyala, nenani, poti munthu angatsamire pomwe palibe kanthu.

Atakhala, mupatseni chithunzi cha chipindacho m'mawu ochepa: olankhula akhala kutsogolo, khomo lili kumbuyo cha kumanzere, anthu adzaza pafupifupi theka. Nenani komwe wolankhula waima makamaka ngati pali zokuzira mawu, chifukwa popanda kuuzidwa adzatembenukira kuchokuzira mawu chimene chili pakhoma. Za patebulo ena amakonda kuuzidwa potsata nkhope ya wotchi: cholembera pa 3 koloko, kapu ya madzi pa 1 koloko, pomwe 12 ndi kutsogolo kwake ndipo 6 ndi pafupi ndi mimba yake. Si onse anazolowera njira imeneyi, makamaka amene sanaonepo wotchi ya mivi, choncho funsani kaye.

Chomaliza apa, chimene chimapweteka kwambiri chikaiwalika: mukamachoka, nenani. "Ndikupita kukalandira ena, ndibweranso tikamapuma." Palibe chochititsa manyazi ngati kupitiriza kucheza ndi mpando wopanda munthu, ena akuonerera. Ndipo ngati mukumusiya ataimirira, musamusiye pakati pa bwalo. Mufikitseni pakhoma, pachipilala kapena patebulo, pomwe dzanja lake lingakhudze kanthu, ndipo muuzeni kuti ndi pati.

Kwa wosamva, yambani ndi kuoneka

Apa dongosolo latembenuka. Musanatulutse liwu lililonse, maso ake akhale pa inu. Mufikeni chakutsogolo kapena cham'mbali pomwe angakuoneni mukubwera, ndipo gwedezani dzanja pang'ono, motsika, osati kumupupiza kumaso. Ngati wayang'ana kwina, mugogodeni paphewa kapena pamkono kawiri, mofatsa koma momveka. Kumutu, kumaso ndi m'chiuno ayi, ndipo kumugwira chibwano kuti atembenuke ndi chipongwe. Mukakhala patebulo limodzi mungagogode patebulopo, amamva kunjenjemera kwake. Polowa m'chipinda chimene ali yekha, kuthimitsa ndi kuyatsa getsi kamodzi kapena kawiri kumagwira ntchito ya kugogoda pachitseko. Kumugenda ndi kanthu kuti atembenuke musayerekeze n'komwe.

Akakuyang'anani, mwetulirani, kwezani dzanja, perekani moni ndi pakamwa pomwe. Kenako mulekeni akuonetseni njira imene amalankhulirana ndi anthu. Mungaloze pakamwa panu, kenako kuyerekeza kulemba pachikhatho, nsidze mutakweza ngati wofunsa. Ena amagwiritsa ntchito chinenero chamanja chokha. Ena anasiya kumva atakula ndipo amalankhula bwinobwino, amangofuna kuona milomo yanu. Ena amamvako pang'ono ndi kamakina ka kukhutu, kapena ndi khutu limodzi, ndipo adzakuuzani mbali yoti mukhale. Musaganize kuti poti munthu walankhula ndiye kuti akumva, kapena kuti poti sanalankhule ndiye kuti alibe chonena. Kumutchula kuti "bubu" kulekeni, mawu amenewo amanyoza.

Imani pamtunda wa mita imodzi kapena awiri, nkhope zanu zikhale pamlingo umodzi. Ngati wakhala, khalani nanunso. Kuwala kugwe pankhope panu. Mukaima zenera kapena dzuwa lili kumbuyo kwanu, iye amangoona mutu wakuda wopanda milomo, ndiye sinthanani malo. Chotsani dzanja pakamwa, lavulani chingamu, vulani magalasi akuda, ndipo ngati mwavala chotchinga pakamwa dziwani kuti kuwerenga milomo kwatheratu, pafunika kulemba.

Kukuwa sikuthandiza, ndipo pali zifukwa ziwiri. Choyamba, pakamwa pokuwa pamasintha maonekedwe, milomo imakokeka, nkhope imaoneka yokwiya. Chachiwiri, kamakina ka kukhutu kamakweza mawu kale, ndipo makutu ambiri owonongeka amalephera kumva mawu otsika koma amapweteka ndi okwera. Kamakinako kamakwezanso phokoso lonse lozungulira, choncho kuzimitsa wailesi kapena kutseka chitseko kumathandiza kuposa kukweza mawu. Lankhulani momveka, mosathamanga, koma osatafuna liwu lililonse mokokomeza.

Muyenera kudziwa malire a kuwerenga milomo, chifukwa apa ndi pomwe kusamvana kumabisala. Yang'anani pagalasi munene "pano" kenako "mano" osatulutsa mawu. Milomo ikuchita chimodzimodzi. "Bambo" ndi "mambo" chimodzimodzinso. "Kula" ndi "gula" zimasiyanira kukhosi komwe diso silifika. Wowerenga milomo amatola zidutswa, zotsalazo amalumikiza ndi nzeru potengera nkhani imene ili pakati panu. N'chifukwa chake kumathandiza kwambiri kutchula mutu wa nkhani poyamba: "Za msonkhano wa mawa," kenako n'kunena zimene mukufuna. Mukasintha nkhani mwadzidzidzi amatayika, ndipo ntchito imeneyi ndi yotopetsa, moti pakatha ola munthu amakhala atafookeratu.

Akapanda kumva, bwerezani kamodzi. Zikakanikanso sinthani mawu, poti mwina mawu amene mwasankhawo ndi osaoneka pamilomo. "Tinyamuka m'mamawa" ikakanika, yesani "Tipita 6 koloko," mukuonetsa zala zisanu ndi chimodzi. Koma pali mawu ena amene ndikupemphani ndi mtima wonse kuti asatuluke pakamwa panu: "Basi zisiyeni," "Si zofunika," "Ndikuuzani nthawi ina." Wosamva wamva zimenezi moyo wake wonse, kunyumba kwawo komwe, anthu akuseka nkhani imene iye sanaimve. Tanthauzo limene limamufika ndi loti iyeyo ndiye wosafunika. Ngakhale ikhale nthabwala yaing'ono, ifikitseni.

Samalaninso ndi kugwedeza mutu. Munthu akatopa kufunsa amangovomera kuti zithe, ndipo inunso mungachite chimodzimodzi pomwe simunamve zimene iye wanena. Mungadziwe kuti uthenga sunafike ngati yankho silikugwirizana ndi funso, kapena ngati akuvomera funso lofuna kusankha, monga "Mubwera lero kapena mawa?" Inuyo mukapanda kumva, musanamizire. Gwedezani mutu mokana, muonetseni kuti abwereze, kapena mupatseni cholembera.

Kulemba, womasulira ndi maso anu

Manambala, mayina, masiku ndi malo zilembeni nthawi zonse, papepala kapena pafoni. Lachiwiri, Lachitatu, Lachinayi ndi Lachisanu onse amayamba mofanana, ndipo munthu angabwere tsiku lolakwika chifukwa cha kachidutswa kakumapeto. Lembani ziganizo zazifupi zolunjika: "Msonkhano Lachinayi, 9 koloko, chipinda 4. Mukufuna thandizo?" Kwa ambiri amene anabadwa osamva, chinenero chamanja ndicho choyamba, ndipo cholembedwa ndi chachiwiri chimene anachiphunzira osachimvapo ndi khutu. Chinenero chamanja chili ndi malamulo akeake a kasanjidwe ka mawu, ndiye zolemba zake zikaoneka zotembenuka si umbuli. Miyambi ndi mawu okuluwika zisungeni, zimangosokoneza.

Kuphunzira zizindikiro zochepa monga moni, zikomo, pepani ndi thandizo kumatsegula mtima wa munthu msanga. Koma muphunzire kwa osamva a komwe muli, chifukwa chinenero chamanja si chimodzi padziko lonse. Zilipo zoposa 200. Cha ku America ndi cha ku Britain n'zosiyana kotheratu ngakhale maiko onsewa amalankhula Chingelezi, moti ku America amatchula zilembo ndi dzanja limodzi pomwe ku Britain amagwiritsa ntchito manja awiri. Zimene mwaonera pakanema wa dziko lina mwina sizingamveke, kapena zingatanthauze china.

Pakakhala womasulira, moni upite kwa wosamvayo. Yang'anani iye, ngakhale maso ake adzakhala pa womasulira nthawi zambiri. Nenani kuti "Mwayenda bwanji?" osati "Afunseni kuti ayenda bwanji." Womasulira aime pambali panu kuti wosamva akuoneni nonse awiri osatembenuza khosi. Kumasulira kumatsalira m'mbuyo ndi timphindi tochepa, ndiye mukafunsa funso pagulu dikirani kuti lifike, apo ayi akumva adzayankha onse iye asanalandire n'komwe funsolo. Mukamupatsa pepala kuti awerenge, khalani chete mpaka adzutse mutu. Sangawerenge ndi kuyang'ana womasulira nthawi imodzi.

Maso anu ndi chingwe cha kucheza konseko. Kuyang'ana kumbali iye ali mkati molankhula kuli ngati kudula foni mnzanu asanamalize. Wina akakuitanani kapena foni ikalira, iye sanamve chimene chakutembenuzani, choncho kwezani chala kuti adikire, lozani kuchitseko kapena pafoni, kenako mubwerere kwa iye. Musamugwire manja pamene akulankhula nawo, ndipo musamupatse katundu wodzaza manja onse n'kumufunsa funso. Mukapeza awiri akucheza ndi manja panjira yanu, ingodutsani msanga pakati pawo. Kuima n'kumadikira kapena kukwawa pansi kumawasokoneza koposa.

Pagulu, khalani mozungulira kuti nkhope zonse zioneke, ndipo azilankhula mmodzimmodzi. Amene akufuna kulankhula akweze dzanja kuti maso a wosamva adziwe kolowera. Chimodzimodzi pakakhala wosaona, aliyense ayambe ndi dzina lake mpaka mawu azolowereke, ndipo wina akalowa kapena kutuluka zinenedwe. Anthu akaseka chifukwa cha chinthu chimene chaoneka kapena kumveka, mnzake wapafupi amufotokozere pomwepo, osadikira kuti msonkhano uthe.

Amene saona komanso samva

Alipo, ndipo ambiri mwa iwo amaonako kapena kumvako pang'ono, ndiye yesani kaye njira zam'mwambazi muli pafupi. M'maiko ena ndodo yoyera yokhala ndi mizere yofiira ndi chizindikiro chakuti mwini wake ali ndi mavuto onse awiri. Apa pokha kukhudza ndiko kumatsogola. Ikani dzanja lanu paphewa kapena pamkono pake mofatsa ndipo mulisiye pomwepo, musagogode n'kuchotsa, chifukwa akatembenuka sadziwa komwe mwapita. Kenako tsetserekani mpaka dzanja lanu likhale pansi pa dzanja lake, osati pamwamba, kuti akhale ndi ufulu wolichotsa.

Ngati amadziwa kuwerenga, lembani pachikhatho chake ndi chala chanu cholozera. Gwiritsani ntchito zilembo zazikulu, chilembo chimodzi chidzaze chikhatho chonse, chotsatira chilembedwe pamalo omwewo, ndipo mupume pang'ono pakati pa mawu. Yambani ndi MONI, kenako dzina lanu. Mukalakwitsa, pukutani pachikhathopo ngati mukufufuta n'kuyambiranso liwulo. Ena amakonda kugwira chala chanu pamene mukulemba patebulo, ena amanyamula kakhadi kofotokoza mmene mungalankhulire nawo, ndiye akakupatsani kanthu m'manja kawerengeni. Mukamakumana kawirikawiri, gwirizanani chizindikiro chanuchanu, monga kumukhudzitsa wotchi kapena mphete yanu, kuti azikuzindikirani msanga. Pochoka lembani NDAPITA, ikani dzanja lake pampando kapena pakhoma, ndipo mudikire avomere musanachotse dzanja lanu.